Yankho la Mkonzi: Mtima Suwerenga Zaka Zobadwa

Kwafika makalata angapo kuno ku ofesi, ndipo onse akufunsa za uthenga umodzi umene wakhala ukuyendayenda m'mafoni ndi pakamwa pa iwo amene amalawirira m'mamawa kukathamanga. Uthengawo ukuti munthu achotse zaka zake pa 220, ndipo chotsalacho ndiwo malire a kugunda kwa mtima wake pa mphindi imodzi. Ukutinso wothamanga mofatsa asapyole 70 peresenti ya malirewo, pakuti akatero ndiye kuti akuupha mtima. Popeza ena mwa otilembera aleka kuthamanga chifukwa cha mantha, ndipo ena akungoyenda chinyatunyatu maso ali pa wotchi, tayesa nkoyenera kuti tiyankhe poyera, ndi kunena mosapsatira kuti uthengawu ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tiyambe ndi kumene chiwerengerochi chinachokera. Chinatuluka m'chaka cha 1971 m'zolemba za Samuel Fox, John Naughton ndi William Haskell a ku Amereka, amene anasonkhanitsa zotsatira za akatswiri ena, nalemba mzere wodutsa pakati pa manambalawo kuti madokotala akhale ndi poyambira. Iwo sanalinge kuika lamulo la munthu aliyense. Koma chinthu chosavuta kuloweza chimakhala ndi miyendo yaitali, ndipo sipanapite nthawi chinapachikidwa pa makoma a nyumba zolimbitsira thupi, kufikira lero chalowa m'mawotchi ambiri amene ana athu amatigulira. M'chaka cha 2001, Hirofumi Tanaka ndi anzake anaunikanso nkhaniyi, atasanthula kafukufuku 351 wokhudza anthu oposa 18,000, napeza kuti chiwerengero choyandikirapo ndi ichi:

```
208 − (0.7 × zaka)
```

Ziwerengero ziwirizi zimakumana pa zaka 40, pamene zonse zipereka 180; kwa achinyamata chakalecho chimakweza, kwa okalamba chimatsitsa, kotero kuti agogo a zaka 70 chimawapatsa 150 pamene chatsopanocho chiwapatsa 159.

Komatu asatero wina kuti tangosintha chiwerengero china ndi chinzake, pakuti chilema chachikulu chili pa zonse ziwiri. Chimene chiwerengero chilichonse chinena ndicho pakatikati pa khamu, ndipo anthu a msinkhu umodzi amamwazikana ndithu kuzungulira pakatipo: mwa anthu atatu alionse, pafupifupi mmodzi amasiyana nacho ndi kugunda koposa 10, kaya kumwamba kaya kunsi, ndipo salephera kupezeka wosiyana nacho ndi 20. Kuli ngati telala wosokera mudzi wonse malaya a muyeso umodzi chifukwa amuna onse anabadwa chaka chimodzi. Ndiponso malire amenewa si mpanda umene ukaudumpha ugwera m'phompho. Ndi liwiro lotsiriza limene mtima wa munthuyo ungafikire, ndipo amene wotchi yake yaonetsa 180 pamene chiwerengero chinati 170 wangotsimikiza kuti chiwerengerocho chinamunamiza.

Tiyerekeze abambo awiri a zaka 50, othamangira limodzi m'mbali mwa msewu, amene wotchi zawo zonse zaika malire pa 170, ndipo uthenga uja wawalamula kusapyola 119. Woyambayo malire ake enieni ndi 188, ndipo akadzuka m'mawa, asanatsike pabedi, mtima wake umagunda ka 62. Pothamanga mofatsa wotchi imaonetsa 142, niyamba kulira ndi kufiira, pakuti poyerekeza ndi 170 imeneyo ndi 84 peresenti. Chonsecho mwini wake akucheza bwinobwino za mitengo ya feteleza, wopanda befu. Akamvera wotchi adzaleka kuthamanga nayamba kuyenda, ndipo adzadabwa chifukwa chake miyezi ikupita osalimba. Wachiwiriyo malire ake enieni ndi 155. Iyenso wotchi ikaonetsa 142 imamuuza 84 peresenti yomweyo, pamene kunena zoona ali pa 92, mawu akutuluka amodziamodzi, ndipo chimene achitcha kuthamanga kofatsa chasanduka mpikisano wa tsiku ndi tsiku umene udzamsiya wolefuka. Nambala imodzi, anthu awiri, ndipo onse yawasokeretsa.

Pali njira yakale ndithu yokonzera magawo amene wotchi zimaonetsa, imene anaiyamba Martti Karvonen wa ku Finland m'chaka cha 1957, ndipo ubwino wake ndi wakuti imawerengeranso kugunda kwa mtima pamene munthu akupumula. Kwa bambo woyamba uja, tichotsa 62 pa 188, patsala 126. Titenga 60 peresenti ndi 70 peresenti ya 126, ndiyo 76 ndi 88. Tibwezerapo 62 pa zonse ziwiri, ndipo tipeza kuti gawo lake la kuthamanga kofatsa liyambira pa 138 kulekezera pa 150. Taonani tsono, 142 ija imene wotchi inkaiyesa ngozi ili m'kati mwenimweni. Wotchi zambiri zimalola mwini wake kulembamo yekha malire ndi kugunda kwa popumula, ndi kusankha kawerengedwe kameneka. Ochuluka sadziwa, chifukwa anangoivala tsiku limene inafika.

Adzafunsa wina kuti, nanga 188 ameneyo munthu amdziwa bwanji? Muyeso wokhulupirika uchitika ku chipatala, pa makina othamangirapo, dokotala ali pambali. Wothamanga wathanzi amene wazolowera kwa miyezi angathe kuuyandikira mwa kutenthetsa thupi bwino, ndi kukwera chitunda cha mphindi ziwiri katatu, ulendo wotsiriza ndi mphamvu zake zonse, naona nambala yaikulu koposa. Koma ichi sitilangiza woyamba kumene, kapena wodwala shuga, mtima kapena kuthamanga kwa magazi. Kwa oterewa, ndi kwa ife tonse, muyeso wa pakamwa ukwanira: ngati mukhoza kunena chiganizo chathunthu kwa mnzanu osadukiza kuti mupume, mukuthamanga mofatsa, wotchi inene chimene ifuna.

Ngakhale magawo okonzedwa bwino sakhala chikhalire. M'kutentha kwa Okutobala, thukuta likachuluka ndipo magazi ambiri akapita ku khungu kukaziziritsa thupi, mtima umawonjezera kugunda pang'onopang'ono ngakhale liwiro la miyendo lisasinthe, kotero kuti amene anayamba pa 140 angathe kumaliza pa 150 wosalakwa kanthu. Kugona mopereŵera, khofi, kuchepa kwa magazi ndi malungo amene akubwera kapena angochoka kumene, zonsezi zimakweza nambalayo. Ndipo amene apeza m'mawa kuti kugunda kwa popumula kwakwera ndi 10 kuposa masiku onse achita bwino kupumula tsikulo. Nayonso wotchi ya pamkono, imene imawerenga magazi ndi kuwala kobiriwira, ikamasuka imayamba nthawi zina kuwerenga masitepe m'malo mwa mtima, nilumpha mwadzidzidzi kufika pa 170. Imani, gwirani mtsempha wa pamkono, werengani kwa masekondi 15, chulukitsani ndi 4, ndipo mudzadziwa amene akunama.

Chatsala chimodzi chimene uthenga uja sunatchule nkomwe. Amene akumwa mankhwala onga atenololo kapena puropuranololo mitima yawo imabwezedwa dala ndi mankhwalawo, ndipo ziwerengero zonse tatchulazi siziwakhudza; akalimbikira kufikira nambala ya m'foni adzadzipweteka, ndipo gawo lawo awapatse ndi dokotala amene anawalembera mankhwala. Ndipo aliyense amene amva kupanikiza kapena kupweteka pachifuwa, chizungulire, phuma losayenerana ndi liwiro lake, kapena mtima kugunda modumphadumpha, aime pomwepo napite ku chipatala, ngakhale wotchi ikuonetsa 119.