Musanamizire foni, vuto ndi manja athu

Masiku ano pa chinkhoswe, pa ukwati ngakhale pa sadaka, mafoni amakhala m'mwamba ngati mbendera. Aliyense akujambula kanema. Koma mwambo ukatha, anthu n'kuyamba kutumizirana zomwe ajambulazo, mumangoona zizimezime. Nkhope ya mkwatibwi ili bii, chithunzi chikugwedezeka ngati wojambulayo anali pa kabaza, ndipo mukaonera kwa mphindi ziwiri zokha mutu wayamba kale kuwawa. Mukafunsa, yankho limakhala limodzi: foni yangayi ndi yotchipa.

Ine ndikukana. Kawirikawiri foni imakhala ilibe mlandu. Ndikutero chifukwa inenso ndidainamizirapo, ndipo zidanditayitsa chinthu chomwe sindidzachipezanso.

Zaka zingapo zapitazo ndidapita kumudzi kwathu ku Ntcheu kukajambula agogo anga aakazi akufotokoza mbiri ya banja lathu. Adakhala pa mkeka pakhonde, kumbuyo kwawo kuli bwalo lomwe dzuwa la mu Okutobala lidali phwee. Ndidagwira foni m'manja kwa mphindi pafupifupi 20. Nditabwerera kutauni n'kuonera, agogo adali ngati chithunzithunzi. Choonekera bwino chidali nkhokwe ndi mbuzi zodutsa pabwalo. Mdzukulu akadutsa patsogolo, nkhope yawo inkachita mbuu, kenaka n'kubwerera. Ndidati ndidzajambulanso pa Khirisimasi. Agogo sadafike pa Khirisimasi.

Tiyeni tione chomwe chidalakwika, chifukwa ndi chomwe chimalakwikanso pa miyambo yathu yambiri.

Kamera ya foni mukaisiya yokha imadzipangira ziganizo ziwiri nthawi iliyonse. Choyamba ndi kuchuluka kwa kuwala. Imayeza chithunzi chonse n'kuyesetsa kuti chisawale kwambiri komanso chisade kwambiri. Tsono ngati kumbuyo kwa munthu kuli bwalo la dzuwa, zenera la tchalitchi kapena khoma loyera, kamera imaganiza kuti kuwala kwachuluka ndipo imachepetsa paliponse. Bwalo limaoneka bwino, koma munthu wokhala pamthunzi amada. Kwa ife akhungu lakuda vutoli limakula, chifukwa nkhope imazimirira msanga. Mukangosuntha foni pang'ono, kamera imayezanso, n'chifukwa chake kanema amawala n'kuda, kuwala n'kuda.

Chachiwiri ndi fokasi, kutanthauza mtunda womwe diso la kamera likuyang'anitsitsa. Chinthu chikadutsa pafupi, kaya mwana, kaya mkono wa munthu wofupa, kamera imathamangira chimenecho n'kusiya yemwe mumafuna. Ikamafunafuna pobwerera m'pomwe chithunzi chimachita ngati chikupuma. Kukamada vutoli limanyanya, chifukwa kamera imavutika kupeza poti igwire.

Mankhwala a mavuto awiri onsewa ali kale m'foni mwanu, ndipo salira ndalama. Mukatsegula kamera n'kusankha kanema, ikani chala pankhope ya munthuyo pasikirini, osachotsa kwa sekondi imodzi kapena ziwiri. Pa iPhone pamatuluka mawu achikasu akuti AE/AF LOCK. Pa mafoni a Samsung ndi ena ambiri a Android pamaoneka kaloko. Apo ndiye kuti mwamanga zonse ziwiri, kuwala ndi fokasi, ndipo kamera yasiya kudziganizira. Pafupi pomwepo pamakhala kachizindikiro ka dzuwa kapena kamzere komwe mumakoka ndi chala powonjezera kapena kuchepetsa kuwala.

Chaka chotsatira ndidabwereranso pakhonde lomwe lija kukajambula ang'ono awo a agogo, omwe adatsala okha odziwa mbiriyo. Ndifotokoze m'mene ndidachitira, poti wina zingamuthandize.

Ndidayamba ndi kuwatembenuza. M'malo moti bwalo likhale kumbuyo kwawo, ndidawapempha kuti atsamire khoma la nyumba, nkhope italoza kubwalo. Kuwala kudayamba kuwagwera kumaso, koma iwo ali pamthunzi, kotero sankatsinzina ndi dzuwa. Khoma la njerwa kumbuyo kwawo silinkawala kuposa nkhope yawo. Kusuntha mkeka kokhako kudathetsa theka la vuto ndisanakhudze n'komwe foni.

Kenaka ndidapezera foni pokhala. Sindidagule chamiyendo itatu chija amagwiritsa ntchito ojambula aganyu. Ndidatenga kampando ka ndalema, n'kuikapo jumbo momwe mudali nyemba zokwana pafupifupi kilogalamu imodzi. Ndidagoneka foni chopingasa, n'kuikanikizira m'nyembamo mpaka idakhazikika, diso la kamera lili poyera. Ubwino wa nyemba kapena mpunga ndi woti zimatsata maonekedwe a foni, ndipo mutha kuipendeketsa m'mene mukufunira osagwa. Popeza agogowo adakhala pansi, kampandoko kadafikitsa kamera pafupifupi pa msinkhu wa maso awo. Izi n'zofunika, chifukwa mukajambula munthu wokhala pansi inu mutaimirira, amaoneka ngati mwana yemwe akudzudzulidwa. Akadakhala pampando, ndikadaika jumboyo patebulo kapena pamtondo wovundikira.

Foni ndidaiika pa mtunda wa mita imodzi ndi theka. Pa mtunda umenewu ankaoneka kuyambira m'chiuno kufika kumutu, manja awo polankhula akuonekanso, ndipo mawu ankamveka bwino kuposa atambala a pabwalo. Sindidakoke chithunzi ndi zala kuti chiyandikire. Pa mafoni ambiri kukoka kotero kumangodula chithunzi n'kuchikulitsa, ndiye chimataya kuthwa kwake ndipo kugwedezeka kulikonse kumakulanso. Ngati munthu ali patali, sendezani mpando.

Nditapukuta galasi la kamera ndi nsonga ya malaya, ndidaika foni pa Airplane mode kuti wina asandiimbire nkhani ili mkati. Ndidagwira chala pankhope yawo mpaka kaloko kadaoneka, n'kukweza kuwala pang'onopang'ono kufikira makwinya a pamphumi adaoneka. Apa pali poyenera kusamala. Adavala duku loyera, ndipo nditakweza kwambiri, mapindidwe a dukulo adasowa, lidangokhala mbee ngati pepala. Ndidabweza pang'ono mpaka mapindidwewo adabwerera. Chizindikiro chake n'chimenecho: nsalu yoyera ikataya mapindidwe, mwapyola muyeso, ndipo zomwe zapserera choncho simungazibwezenso pokonza kanema.

Pomaliza ndidajambula masekondi 10 oyesera, n'kuonera pomwepo, mawu ndi chithunzi chomwe. Nditakhutira ndidabwezera foni m'nyemba, n'kumanganso loko poti ndidali nditaisuntha, n'kuyamba kujambula. Ndidachotsa manja, n'kukhala pambali pa kampandoko kumacheza nawo. Adalankhula kwa mphindi zoposa 30. Adzukulu adadutsa, nkhuku idadutsa, koma nkhope yawo sidasinthe.

Pali mafoni omwe amakupatsani mphamvu zoposa apa. Pa ena a Samsung pali Pro video, ndipo pa Android pali pulogalamu yaulere yotchedwa Open Camera, yomwe imalola kuika fokasi pamanja ngati foniyo ikuvomera. Mukasankha MF pamabwera kamzere, mbali ina ya zinthu zapafupi, ina ya zakutali. Mumakoka mpaka maso a munthuyo athwe, n'kusiya pomwepo. Izi zimathandiza makamaka madzulo kapena m'nyumba ya mdima, pomwe kugwira chala pasikirini kumalephera kupeza nkhope. Komweko mungathetsenso mizere yakuda yoyendayenda yomwe imaoneka mukamajambula pansi pa mababu ena. Magetsi athu amasinthasintha ka 50 pa sekondi, choncho mababu oterowo amaphethira ka 100 pa sekondi. Maso athu saona, koma kamera imaona. Mukaika liwiro la shata pa 1/50 kapena 1/100, mizereyo imatha kapena kuchepa kwambiri.

Ena anena kuti zonsezi n'zotheka kwa gogo wokhala pansi, nanga pa perekaniperekani pomwe anthu akuvina uku ndi uku? Funsolo n'lomveka, ndipo loko ali ndi malire ake. Mukamanga kuwala m'tchalitchi n'kutsatira akwati potuluka panja, chithunzi chonse chidzayera mbee, chifukwa mudauza kamera kuti isasinthe. Mtambo ukaphimba dzuwa, chithunzi chidzada. Mukamanga fokasi pa munthu wapafupi kenaka iye n'kupita patali, adzachita mbuu. Lamulo lake ndi lakuti malo kapena kuwala kukasintha, imitsani, gundani sikirini kamodzi kuti loko amasuke, mumangenso. Dziwaninso kuti mafoni ambiri amaiwala loko mukatuluka mu kamera kapena kusintha kuchoka pa kanema kupita pa chithunzi, choncho yang'anani kaloko musanayambe.

Komabe ngakhale pa perekaniperekani ine ndimaumirira pa mfundo yomweyo. Sankhani malo amodzi, moyang'anana ndi lichero, dzuwa kapena zenera lili kumbuyo kwanu. Mangirirani foni ndi malegeni ku nsanamira ya tenti kapena kumsana kwa mpando, osafinya mabatani a m'mbali, mumange fokasi pomwe paima wogwira lichero, mamita atatu kapena anayi kuchokera pomwe muli. Kamera ya foni ili ndi khalidwe lothandiza: pa mtunda wotere, zinthu za patsogolo pang'ono ndi za kumbuyo zimaoneka bwino ndithu. Ovinawo adzabwera okha m'chithunzi, poti onse akulowera ku licherolo. Yemwe amathamanga ndi foni kutsatira aliyense ndi amene amabwera ndi kanema woonetsa nsapato ndi denga la tenti.

Ngati palibiretu potsamiritsa, thupi lanu likhale mpando. Gwirani foni ndi manja awiri, zigongono zikhudze nthiti, tsamirani khoma kapena mtengo, ndipo potembenuka muzitembenuka ndi chiuno pang'onopang'ono, osati ndi manja. Koma musadzinamize, manja amatopa. Pakatha mphindi zochepa amayamba kunjenjemera, ndipo chithunzi chimapendekera inu osazindikira. Pa nkhani yaitali, jumbo ya nyemba imaposa mkono wa mnyamata wamphamvu.

Sindikutsutsa kuti foni yodula imajambula bwino mumdima kuposa yotchipa. Koma nayonso mukailozetsa ku zenera n'kumaigwedeza, ndalama zanu siziioneka. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kutembenuza mkeka, kukhazika foni, kumanga loko ndi kuyesa masekondi 10 kudanditengera mphindi zosaposa zisanu.

Kanema wa agogo anga uja ndikadali naye. Ndimamumvetsera ngati wailesi, poti mawu okha ndiwo adatsala. Ana anga akadzafunsa kuti agogowo ankaoneka bwanji akamaseka, ndidzawaonetsa nkhokwe ndi mbuzi. Inu amene muli ndi gogo kumudzi, yesani loko ameneyu lero pa mwana kapena mnzanu pakhonde, kuti tsiku lenileni likadzafika chala chidzakhale chitazolowera.