Nyimbo ndi ya Mulungu, koma chimbale chili ndi mwini wake

Kale kwaya ikajambula chimbale, msungichuma ankawerenga makaseti kapena masidi amene atuluka m'katoni, n'kudziwa ndalama zimene zalowa. Lero nyimbo imachoka mu situdiyo Lachisanu, pofika Lamulungu ili kale pa WhatsApp, pa Facebook ndi pa YouTube. Abale a ku Joni akuimvera, koma m'thumba la kwaya simudalowe ngakhale tambala. Mkangano ukabuka amauthamangitsira kwa abusa kapena kwa ansembe, chonsecho udayamba tsiku limene kwaya idalowa mu situdiyo popanda pepala lililonse.

Tiyerekeze kuti pali kwaya ya anthu 40 pa mpingo wina mu Area 3 ku Lilongwe. Asonkha ndalama, achita mwambo wa pepa Sande, mayi wina wakufuna kwabwino wawonjezerapo, ndipo ajambula chimbale cha nyimbo zisanu ndi zitatu. Zinayi adapeka ndi mphunzitsi wa kwayayo. Ziwiri adazitenga m'buku la Nyimbo za Mulungu. Imodzi ndi kolasi imene imaimbidwa pamaliro paliponse, yosadziwika woipeka. Yotsiriza ndi "Way Maker" ya Sinach wa ku Nigeria, imene aitembenuzira m'Chichewa. Kwa omvera ichi ndi chimbale chimodzi cha kwaya imodzi. Lamulo silichiona choncho.

Lamulo loteteza umwini wa ntchito zaluso la mu 2016, limene lidalowa m'malo mwa la mu 1989, limaona zinthu zitatu zosiyana m'nyimbo iliyonse yojambulidwa. Pali nyimbo yeniyeniyo, kutanthauza mawu ndi maimbidwe ake, ndipo iyi ndi ya woipeka. Pali kuimba kwa tsiku limenelo, kumene ndi kwa oimba ndi oliza zida. Ndiye pali chojambulidwacho, chimene a situdiyo amachitcha masitala, ndipo mwini wake ndi amene adakonza ndi kusenza udindo woti kujambulako kuchitike. Umwini umayamba wokha ntchito ikangopangidwa, sudikira kuti munthu akalembetse kwina kulikonse. Kulembetsa kumathandiza pa umboni komanso kuti ndalama zidziwe kopita.

Choncho nyimbo zinayi zija ndi za mphunzitsi wa kwaya. Si za mpingo, ngakhale adazipekera m'tchalitchi, ndipo si za kwaya, ngakhale ndi imene idazitchukitsa. Munthu wongodzipereka, wosalembedwa ntchito yopeka nyimbo, sataya umwini wake chifukwa choti ndi mkhristu wa pamenepo. Akasamutsidwa kuntchito kupita ku Mzuzu, akhoza kukaziphunzitsa kwaya ina n'kuzijambulanso, ndipo a ku Area 3 alibe chomuletsera. Chimene sangachite ndi kutenga masitala amene kwaya idalipira n'kumagulitsa ngati ake. Ndikuona kuti mikangano yambiri ya makwaya ikadazilala anthu akadangosiyanitsa ziwirizi, chifukwa mbali iliyonse imakhala ikunena zoona, koma za chinthu chosiyana.

Nyimbo za m'buku n'zopepukirapo. Kuno kwathu umwini wa wopeka umakhalapo moyo wake wonse ndi zaka 50 atamwalira. John Newton, amene adalemba "Amazing Grace", adamwalira mu 1807, ndiye palibe woti mumupemphe. Komabe si nyimbo iliyonse yomveka yachikale imene ili yaulere. Mawu a Chingerezi a "How Great Thou Art" adalemba ndi Stuart Hine, amene adamwalira mu 1989. Powerengera zaka 50, ndi otetezedwa mpaka 2039, ndipo m'mayiko ngati Britain, kumene amawerenga zaka 70, mpaka 2059. Nyimbo ikakwera pa intaneti imamveka konseko. Wotembenuza mawu nayenso ali ndi umwini wa mawu akewo, choncho ndi bwino kuyang'ana masamba oyamba a buku ndi kufunsa amene adalisindikiza. Kumbali inayi, ngati mphunzitsi wa kwaya wakonza mwatsopano mayalidwe a mawu a sopulano, alito, tena ndi besi pa nyimbo yakale, chatsopanocho ndi chake ndipo akhoza kuchilembetsa.

Kolasi ya pamaliro ija ambiri amangoilemba kuti ndi yamakolo. Nthawi zina ndi yamakolodi, ndipo lamulo lathu limaika zoterezi m'manja mwa boma m'malo mwa Amalawi onse, kotero palibe kwaya imene inganene kuti idaipeka. Koma nthawi zambiri woipeka alipo, ali moyo, ndi mayi wa chigwirizano ku Ntcheu kapena mnyamata wa kwaya ku Mchinji, kungoti nyimbo idayenda mofulumira kuposa dzina lake. Kufunsa ku Cosoma musanajambule n'kotchipa kuyerekeza ndi kumva dzina lake koyamba m'kalata yodandaula.

Ya Sinach ija ndiye ilibe zokayikitsa. Kutembenuza nyimbo ya munthu m'chiyankhulo china kumafuna chilolezo cha mwini wake. Kulemba pansi pa kanema kuti nyimboyi si yathu, tikungotamanda Mulungu, si chilolezo. Poimba m'mapemphero palibe amene amakutsatani, koma kujambula ndi kufalitsa ndi ntchito ina.

Tsopano ndalama. Zimabwera m'njira ziwiri zimene sizikumana. Njira yoyamba ndi ya bungwe la Copyright Society of Malawi, Cosoma, limene lidakhazikitsidwa mu 1992 ndipo likulu lake lili mu Lilongwe momwemuno. Bungweli limatolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito nyimbo monga nyumba zoulutsira mawu, mawailesi a kanema, mahotela ndi malo achisangalalo, n'kuzigawa kwa eni nyimbo. Limagawanso ndalama za msonkho wa zipangizo zosungira nyimbo, umene udaikidwa pozindikira kuti anthu amakopera nyimbo m'zipangizo zawo. Kwa kwaya imene nyimbo zake zimangoyenda pa WhatsApp ndi pa mamemore khadi, msonkho umenewu ndi pafupifupi njira yokhayo yopezerako kanthu, poti WhatsApp salipira woimba aliyense. Koma Cosoma imagawira amene ali m'kaundula wake. Nyimbo ikhoza kumveka pa wailesi m'mawa uliwonse, ngati sidalembetsedwe ndi dzina la woipeka, ndalama yake ilibe adiresi.

Njira yachiwiri ndi ya makampani a pa intaneti. Spotify, imene idafika ku Malawi mu 2021, Apple Music ndi ena otere salandira nyimbo kuchokera kwa kwaya mwachindunji. Mumadzera kwa kampani yofalitsa, monga DistroKid kapena CD Baby, imene imatumiza nyimbo m'malo onsewo, kutolera ndalama za chojambulidwa, n'kuziika mu akaunti ya amene adatsegula. Chojambulidwa chilichonse chimapatsidwa nambala yake ya zilembo ndi manambala 12, yotchedwa ISRC, ndipo ndalama zimatsata nambalayo. Sizitsata dzina la kwaya lolembedwa pa chikuto.

Apa ndi pamene kwaya yathu ya ku Area 3 ingataye chimbale chake osadziwa. Mnyamata wa ku situdiyo, mwina ndi mtima wabwino, akuti asiyireni ine ndikuikirani pa intaneti. Akugwiritsa ntchito akaunti yake, imelo yake ndi banki yake. Akusankhanso kuti nyimbozo zilowe mu Content ID, makina a YouTube amene amafananiza mawu a kanema aliyense watsopano ndi nyimbo zimene eni ake adalembetsa. Patapita miyezi, mlembi wa kwaya akuika kanema wa nyimbo yawo pa tchanelo cha mpingo, ndipo pakubwera uthenga woti nyimboyi ili ndi mwini wake. Ndalama za malonda otsatsa pa kanemayo zikupita kwa amene adalembetsa uja. Chizindikiro china ndi kupeza nyimbo zanu pa tchanelo chokhala ndi dzina la kwaya lotsatiridwa ndi mawu oti Topic, chimene inu simudatsegule. Tsegulani mawu a pansi pa nyimboyo, pamalembedwa kampani imene idaitumiza ku YouTube, ndipo mudziwa poyambira kufunsa.

Uthenga woterewu, umene pa sikirini umatchedwa claim, suli wofanana ndi copyright strike. Woyambawu kawirikawiri umangotembenuza kopita ndalama, kapena kutseka kanemayo m'mayiko ena. Mukhoza kuutsutsa, ndipo wodandaulayo amapatsidwa masiku 30 kuti ayankhe. Pa nyimbo zakale za m'buku makinawa amalakwitsa ndithu, chifukwa makwaya awiri oimba nyimbo imodzi amamveka mofanana, ndiye kutsutsa n'koyenera. Pa nyimbo ya Sinach musayerekeze, chifukwa mwini wake akapempha kuti kanemayo achotsedwe mumalandira strike, ndipo zikakwana zitatu tchanelo chonse chikhoza kutsekedwa, pamodzi ndi maulaliki onse amene mpingo udasungapo.

Tisanamizane, ndalama zake si zambiri. Kuti tchanelo chiyambe kulandira gawo la ndalama za otsatsa malonda pa makanema aatali, YouTube imafuna ochitsatira 1,000 ndi maola 4,000 oonera m'miyezi 12. Kwa zaka zambiri Malawi sadakhale pa mndandanda wa mayiko ololedwa kulowa m'dongosololi, n'chifukwa chake ambiri amalembetsa kudzera kwa m'bale wa ku South Africa, zimene zimaikanso makiyi a kwaya m'thumba la munthu mmodzi. Spotify nayo kuyambira mu 2024 silipira chojambulidwa chimene sichidamvedwe kokwana 1,000 m'miyezi 12. Koma makwaya amene amakangana ndi aja amene nyimbo yawo imodzi idaphulika mosayembekezera, ndipo pofika pamenepo palibe amene amakumbukira zimene adagwirizana pakamwa.

Pepala lofunika ndi la tsamba limodzi, losainidwa tsiku loyamba ku situdiyo lisanafike. Lilembe nyimbo iliyonse ndi dzina la woipeka, ndipo wopekayo asaine kuti walola kwaya kujambula ndi kufalitsa, umwini wa nyimbo n'kukhalabe wake. Linene kuti masitala ndi a kwaya kapena a mpingo, kuti situdiyo yalipidwa ntchito yake yonse, ndi kuti ipereka mafayilo onse ikamaliza. Oimba 40 aja asaine kuti avomera kujambulidwa, ndipo ana awasainire makolo. Mayi wothandiza uja alembe ngati ndalama yake idali mphatso, ngongole kapena gawo. Kagawidwe kakhale m'manambala. Mwachitsanzo, mukagwirizana kuti pa ndalama za chojambulidwa theka lipite m'thumba la kwaya, gawo limodzi mwa magawo anayi ku mpingo ndipo lotsalalo kwa oimba, ndiye pa K600,000 kwaya itenga K300,000, mpingo K150,000, ndipo woimba aliyense K3,750. Ndalama za wopeka zochokera ku Cosoma sizilowa m'masamu amenewa, ndi zake.

Akaunti ya kwa wofalitsa ndi ya YouTube zitsegulidwe ndi imelo ya kwaya, nambala yachinsinsi aisunge anthu awiri a m'komiti, ndipo ilowe m'gulu la zinthu zopatsirana komiti ikasintha, limodzi ndi kiyibodi, mayunifolomu ndi buku la ku banki.