"Mwatumiza" kapena "tatumiza"?

Ntchito ya pagulu ikalakwika, mkangano wake nthawi zambiri umayambira pa phatikizo loyamba la mneni. Ine ndimaona kuti uthenga woyamba wonena za vutolo uyenera kukhala wa "ta-", osati wa "mwa-".

Tiyerekeze gulu la ophunzira asanu. Asayimenti yapita kwa aphunzitsi Lachisanu m'mawa, koma fayilo yomwe yapita ndi yakale, ilibe chigawo chomaliza. Mtsogoleri walemba pa WhatsApp kuti: "Mwatumiza fayilo yolakwika." M'Chichewa, "mwa-" angaloze munthu mmodzi amene tikumupatsa ulemu kapena anthu ambiri. Choncho anayi onsewo akumva kuti chala chaloza iwo, ndipo woyera watsala ndi wolemba yekhayo. Mayankho ake timawadziwa: "Ine zanga ndinapereka Lachitatu." "Ine ndinalibe bandulo." Ola lonse latha anthu akudziyeretsa, fayilo yoyenera ili phee mu laputopu.

Tsono taonani uwu: "Anzanga, tatumiza fayilo yakale, ilibe chigawo chomaliza." Vuto latchulidwa lonse, koma palibe mlandu woti wina ayankhe, ndiye funso lobwera m'mutu ndi lakuti tipanga bwanji. Ena amati uku n'kunyengerera wolakwa. Sindikuvomereza. Mayina asanu ali pachikuto, malikisi adzakhala amodzi, ndipo pa asanuwo palibe amene anatsegula fayiloyo isanapite. "Ta-" akungonena zoona.

Koma chenjerani ndi mlowam'malo "ife". Chichewa sichisiyanitsa "ife" wophatikiza womvera ndi "ife" womusiya kunja. Mukalemba kuti "Ife tinamaliza zathu kalekale", aliyense akumva "inu" amene simunamulembe, ndipo amabaya kuposa "mwatumiza" uja. Siyani "ta-" agwire ntchito yekha pa mneni.

Pamene "ti-" amalephera ndi pa zoti zichitike. "Tikonze msanga" aliyense amamuyankha ndi kachala koloza m'mwamba, ndipo palibe amene amakonza. Apa m'pofunika kuloza munthu ndi nthawi: "Achimwene, yomaliza ili kwa inu, itumizeni pano isanakwane 2 koloko. Ine ndilembera aphunzitsi kupempha kuti alandire yatsopanoyo." "Inu" ameneyu sapweteka, chifukwa akupatsa munthu ntchito, sakumuzenga mlandu.

Palinso zolakwa zimene si za gulu. Ngati wina wakopera ndime yonse pa intaneti osatchula mwini wake, kulemba kuti "takopera" n'kusenzetsa anthu anayi katundu yemwe si wawo, ndipo uthengawo ukhoza kudzawerengedwa ngati umboni nkhani ikafika kwa akuluakulu a dipatimenti. Imeneyo ndi nkhani ya kumbali, ya anthu awiri, ndipo kumeneko mneni wake ndi "mwakopera".