Kukana ntchito osatseka khomo

Mwezi wa Januwale chaka chino, telemu yachiwiri itangoyamba, ndinalandira foni kuchokera kwa mwini sukulu ina ya pulayiveti ku Mzimba boma. Ankafuna mphunzitsi wa masamu wa Fomu 3 ndi 4. Malipiro ake ankaposa omwe ndimalandira pa sekondale yathu yoyendera kuno ku Jenda, ndipo nyumba inali yaulere. Amene anatchula dzina langa kumeneko ndi aphunzitsi anga akale, bambo amene anandilimbikitsa kukachita dipuloma ku Domasi.

Ndinakana. Koma lero ndikufuna tikambirane za kakanidwe kake, chifukwa ambirife timalakwitsa pamenepo.

Amalawife mawu oti "ayi" amatilemera pakamwa. Timati "ndiganize kaye", kenako foni osayankhanso. Ine ndinachitapo zimenezi zaka zisanu zapitazo kwa mkulu wa sukulu ina. Anandidikira masabata atatu, ana akukhala opanda mphunzitsi, mpaka anamva kwa ena kuti sindipita. Mpaka lero tikakumana pa msika wa tomato pa Jenda, moni wake ndi wapakhosi. Sanakwiye chifukwa ndinakana, anakwiya chifukwa ndinamutayitsa nthawi.

Ulendo uno ndinapempha masiku anayi, ndipo ndinatchula tsiku: "Ndidzakuyankhani Lachisanu." Wolemba ntchito akadziwa tsiku, amadziwanso poyambira kufuna munthu wina. Masiku anayiwo ndinakhala pansi ndi mayi a kunyumba n'kuwerengera. Ku boma kuli penshoni. Ndikufunanso kukachita digiri ku Mzuni, ndipo ana anga a Fomu 4 anali atatsala ndi miyezi yochepa kuti alembe MSCE. Pa sukulu pathu mphunzitsi wa masamu ndine ndekha. Mapanga awiri avumbwitsa, ndinayenera kusankha limodzi.

Ndisanayankhe mwini sukulu, ndinayamba ndapita kwa aphunzitsi anga aja. Munthu amene wakutchulira dzina waikapo ulemu wake, ndiye sayenera kumva kwa ena kuti wakana. Ndinati, "Adada, mwandichitira chinthu chachikulu, koma chaka chino sinditha kuchoka." Anadandaula, komabe anati ndachita bwino kubwera ndekha.

Lachisanu ndinakwera minibasi kupita ku boma. Uthenga wa pa foni ndi wotchipa, koma munthu wamkulu amene wakuitana ndi pakamwa pake amayenera kuyankhidwa pamaso. Nditalonjeredwa ndinathokoza, kenako ndinanena mosazungulira: "Bwana, ntchito ija sinditha kuivomera. Ndili ndi kalasi ya mayeso yomwe sindingaisiye pakati pa chaka."

Taonani kuti ndinapereka chifukwa chimodzi chokha, ndipo chinali choona. Ukapereka zifukwa zisanu, mnzakoyo amayamba kuzithetsa chimodzichimodzi. Ukati nyumba ndi yaing'ono akupezera ina, ukati ndalama zachepa akuwonjezera, mapeto ake umasowa pothawira. Bodza nalo silikhalitsa. Mzimba ndi boma lalikulu, koma aphunzitsi ake timakumana ku maliro, ku tchalitchi ndiponso koyang'anira mayeso a MANEB.

Bwanayo anayesadi kuwonjezera ndalama. Apa ndi pamene ambiri amaterereka. Ngati ukufuna kunenerera malipiro, nena poyera kuti ukunenerera. Koma ngati wakana, usachite ngati wogula anyezi amene amanyamuka dala kuti amuitanenso. Ndinayankha kuti nkhani si ya ndalama. Sindinanenenso chilichonse chonyoza sukulu yawo, ngakhale ndinali nditamva kuti malipiro amachedwa miyezi ina.

Sindinachoke chimanjamanja. Ndinawatchulira mnzanga wina wa dipuloma amene anali asanalembedwe ntchito m'boma. Ndinali nditamufunsa kale, ndipo ndikudziwa kaphunzitsidwe kake. Musatchule munthu chifukwa ndi mlamu wanu chabe, poti akakalephera, dzina loipa limabwerera kwa inu.

Chomaliza, ndinapewa kulonjeza. Sindinati "chaka chamawa ndibwera", chifukwa lonjezo lotero ndi ngongole. Ndinangoti ngati mpata utadzapezeka kumayambiriro a chaka cha sukulu, mu Seputembala, adzandikumbukire tidzakambirane. Nditafika kunyumba ndinalemba kalata ya mizere isanu yothokoza ndi kubwereza yankho langa, kuti pakhale cholembedwa mu fayilo yawo.

Mudzadziwa bwanji kuti khomo silinatsekeke? Muone ngati akukufunanibe pa zinthu zing'onozing'ono. Ine pa holide ya Epulo anandiitana kuti ndikathandize ana awo a Fomu 4 kubwereza masamu kwa sabata imodzi, ndipo ndinapita.

Sindibisa, mwezi ukafika pakati, thumba litauma, ndimaikumbukira nyumba yaulere ija. Koma akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Sabata yatha bwana uja anaima pa rodibuloko ya Jenda akupita ku Lilongwe, n'kundiimbira foni kungofuna kundipatsa moni. Ndinayankha mwa kwathu kuno: "Yewo chomene, adada."