Ngongole ya Pafoni: Tiziwerengera Mtengo Wake pa Chaka

Ndalama zikatha mwezi uli pakati, ambirife timathamangira ngongole ya pafoni poona kuti yapamwamba yake ndi yochepa. Komatu kuchepa kwakeko sitingakudziwe tisanawerenge masiku amene atipatsa kuti tibweze.

Tiyerekeze kuti takongola K20,000 yoti tibweze K22,000 pakatha masiku 14. Tikagawa K2,000 yapamwambayo ndi K20,000, tikupeza 10 peresenti. Tikagawanso masiku 365 a pachaka ndi 14, tikupeza 26. Tsono 10 kuchulukitsa ndi 26 ndi 260 peresenti pa chaka. Ndiye kuti titamakongola chonchi chaka chathunthu, tingalipire K52,000 yapamwamba yokha chifukwa cha K20,000 yomweyo.

Tisamalenso ngati wokongoza akudula yapamwambayo tisanalandire ndalama. Pamenepo m'manja mwathu mumafika K18,000, ndipo tiyenera kugawa K2,000 ndi K18,000. Mtengo umakwera kufika pafupifupi 289 peresenti. Kubweza msanga nakonso sikutipepukitsira ngati yapamwambayo siisintha: tikabweza pa tsiku la 7, mtengo wa pachaka umawirikiza kawiri.

Wina anganene kuti sakongola chaka chonse. Nzoona, koma mabanki amatchula chiwongoladzanja chawo pa chaka, choncho popanda kuwerengera motere sitingayerekeze ngongole ziwirizi. Ndiponso amene amabweza lero n'kukongolanso mawa, mtengo wa pachakawo akuulipira ndithu.

Okongoza ayenera kumaonetsa nambala imeneyi poyera. Pakadali pano, tiziiwerengera tokha tisanalembe nambala yathu yachinsinsi.