Wokupatsani tsiku limodzi akukunamizani, mufunseni masiku atatu

M'komboni muno tonse timaidziwa nyimbo yake. Ntchito ikamayamba, wamkulu amaimirira pa msonkhano n'kunena kuti, "Ngalande iyi itha pa 30 mwezi uno." Anthu amaomba m'manja. Pa 30 pakafika, mumapeza dzenje lotseguka, mulu wa mchenga umene ana akuseweretsa, ndi wilibala yogona chafufumimba. Tikatero timati kontirakita ndi wakuba, kapena timati a Zambia sitisunga nthawi. Akuba alipodi, koma ine ndikuti mlandu waukulu uli pa tsiku lija. Tsiku limodzi lotchulidwa molimba mtima ndi bodza kuyambira pomwe latuluka pakamwa, ngakhale wolitchulayo atakhala munthu wopemphera. Ndipo ife oomba m'manja tili nawo mbali, chifukwa timakonda wolonjeza msanga kuposa wonena zoona.

Musaganize kuti ili ndi vuto la makontirakita ang'onoang'ono chabe. Mu 2012 dziko la Zambia linasainirana ndi bungwe la ku America la Millennium Challenge Corporation pangano la madola pafupifupi 355 miliyoni, lokonza madzi, mapaipi a zonyansa ndi ngalande mu Lusaka, kuphatikiza ngalande ya Bombay. Nthawi yake inali zaka zisanu zosawonjezera, kuyambira Novembala 2013 mpaka Novembala 2018. Panali mainjiniya ophunzira ndiponso ndalama zokwanira. Koma zaka zisanu zitakwana, ntchito zina, monga za mapaipi ku Mtendere, zinali zisanathe, ndipo boma la Zambia linachita kuzipitiriza lokha. Ngati a madola mamiliyoni nthawi inawathera, nanga komiti ya ku Chunga yogwira ntchito ndi piki ndi fosholo?

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Ntchito ili ndi malire a kufulumira, koma kuchedwa kulibe malire. Konkire yothiridwa lero imafuna pafupifupi sabata yothiriridwa madzi kuti ilimbe, ndipo palibe wandale angaiuze kuti ifulumire. Koma lole ya mchenga ikafa, ingachedwe tsiku limodzi, sabata kapena mwezi. Chinanso, kufulumira kumatayika pamene kuchedwa kumaunjikana. Okumba akamaliza Lachinayi m'malo mwa Loweruka, mmisiri womanga sabwera Lachisanu, chifukwa munapangana naye Lolemba ndipo ali pa ganyu ina ku Lilanda. Masiku awiri aja apita pachabe. Koma okumba akachedwa masiku awiri, mmisiri naye amayamba mochedwa masiku awiri, ndipo onse a pambuyo pake amasenza ngongoleyo. Akatswiri a maganizo a anthu, Daniel Kahneman ndi Amos Tversky, analemba mu 1979 kuti munthu akamayerekeza nthawi ya ntchito yake amaona m'mutu njira yosalala, n'kuiwala mmene ntchito zonga imeneyo zinathera kale. Choncho tsiku limene timauzidwa pa msonkhano nthawi zambiri ndi tsiku la kumaloto, limene palibe lole yakufa, palibe maliro, ndipo malaiti sanapite.

Mankhwala ake alipo, ndipo si atsopano. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, asilikali a pamadzi a ku America, popanga mizinga ya Polaris, anayamba kugwiritsa ntchito njira yotchedwa PERT. Mfundo yake ndi yakuti gawo lililonse la ntchito lipatsidwe manambala atatu. Yoyamba, O, ndi masiku amene gawolo lingatenge zonse zitayenda bwino. Yachiwiri, M, ndi masiku amene limatenga kawirikawiri. Yachitatu, P, ndi masiku amene lingatenge zinthu zitavuta, koma zovuta zodziwika, osati chivomezi. Kenaka mumawerengera motere:

```
(O + 4M + P) / 6
```

Nambala ya pakati imachulukitsidwa kanayi chifukwa ndiyo imachitika kwambiri, koma ya mavuto nayo imapatsidwa mpando, moti imakokera yankho kumbali ya kuchedwa.

Tiyeni tiyese ndi chitsanzo chongoyerekeza. Tinene kuti komiti ya kuno ku Chunga yavomerezedwa ndalama za CDF, zija zinakwezedwa mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense, kuti imange ngalande ya mamita 200 mvula isanagwe. Tinenenso kuti pali magawo anayi otsatizana, ndipo tikuwerenga masiku onse a pa kalendala.

Gawo loyamba ndi mapepala ndi kutuluka kwa ndalama. Zikayenda bwino ndi masiku 10, kawirikawiri ndi 20, koma wosaina akapita ku semina kapena pepala likabwezedwa angafike 60. Tikawerengera, 10 kuphatikiza 80 kuphatikiza 60 ndi 150, kugawa ndi 6 tipeza masiku 25. Gawo lachiwiri ndi kubweretsa simenti, mchenga ndi miyala: 2, 4 ndi 12, zomwe zitipatsa masiku 5. Lachitatu ndi kukumba. Dothi likakhala lofewa ndi masiku 6, kawirikawiri 10, koma aliyense amene anakumbapo chimbudzi ku George kapena ku Kanyama amadziwa kuti mbali zambiri za Lusaka mwala uli pafupi, ndipo piki ikaugunda mufunika makina oswera miyala. Apo tiike 26, ndipo yankho ndi masiku 12. Lomaliza ndi kumanga ndi kudikira konkire: 14, 18 ndi 34, zomwe zitipatsa masiku 20.

Lomba onani bodza pomwe limabisala. Mukaphatikiza manambala a zikayenda bwino okha mupeza masiku 32. Ntchito ikayamba pa 1 Seputembala, wa pa msonkhano adzalengeza kuti itha pa 3 Okutobala, ndipo mudzaomba m'manja. Munthu wodekha, wophatikiza manambala a kawirikawiri, apeza masiku 52, ndiye kuti pa 23 Okutobala. Koma mayankho athu aja, 25, 5, 12 ndi 20, akupanga masiku 62, kutanthauza pa 2 Novembala. Kusiyana kwa lonjezo ndi zoona ndi mwezi wathunthu, popanda aliyense kuba thumba la simenti. Ndipo dziwani kuti 62 ndi nambala ya pakati chabe: mwayi womaliza pofika tsikulo uli ngati theka. Wofuna kulonjeza anthu mosachita manyazi pambuyo pake awonjezere masiku ena khumi, anene kuti pa 12 Novembala.

Pamenepo ndi pomwe pali moyo wa anthu. Novembala ndi mwezi umene mvula imayamba. Ngalande yokumbidwa koma yosamangidwa ndi yoipa kuposa kusakumba konse: makoma ake amagumuka, madzi amaima, zimbudzi zimasefukiramo, ndipo mwana angagweremo. Ife a mbali ino ya Matero sitinaiwale mmene bwalo la Heroes linasandukira chipatala cha kolera kumayambiriro kwa 2024. Komiti yokhulupirira masiku 32 idzaona kuti kuyamba mu Seputembala kuli bwino. Komiti yowerenga manambala atatu idzadziwa kuti mapepala ayenera kuyamba kuyenda kumayambiriro kwa Ogasiti, kapena ntchitoyo idulidwe pakati, mamita 100 amalizidwe chaka chino, otsala adikire chilimwe.

Manambala atatu amaululanso pomwe pali ngozi. Chotsani O pa P m'gawo lililonse. Pa kubweretsa katundu kusiyana ndi masiku 10, pa kukumba 20, pa kumanga 20, koma pa mapepala ndi 50. Ndiye kuti mdani wamkulu wa ngalandeyi ali pa tebulo la mu ofesi, osati pa fosholo. Komiti yanzeru idzasankha munthu mmodzi wolondola pepala sabata iliyonse, m'malo motukwana anyamata okumba. Idzakumbanso maenje ang'onoang'ono atatu kapena anayi m'njira ya ngalande ntchito isanayambe, kuti ione ngati pansi pali mwala. Tsiku limodzi la ntchito imeneyo lingachepetse 26 uja, kapena kukuchenjezani kuti mupangane ndi mwini makina nthawi ikadalipo.

Ena adzati njirayi ikupatsa waulesi pobisala, chifukwa adzangothamangira ku nambala yaikulu. Yankho langa ndi lakuti nambala ya mavuto iyenera kukhala ndi dzina. Wonena kuti "26" anenenso kuti "ngati tipeza mwala." Mwala ukapanda kupezeka koma iye n'kutenga masiku 26, mwamugwira. Tsiku limodzi ndilo limabisa wakuba, chifukwa aliyense amadziwa kuti silikwaniritsidwa, ndiye wochedwa chifukwa cha mwala ndi wochedwa chifukwa chogulitsa simenti amaoneka chimodzimodzi. Masiku khumi owonjezera aja asagawidwe kwa amisiri, chifukwa munthu ukamupatsa masiku ambiri amawadya onse. Akhale m'manja mwa komiti, kumapeto kwa ndondomeko, ndipo tsiku lililonse lotengedwapo lilembedwe pamodzi ndi chifukwa chake.

Njirayi ili ndi malire ake. Imawerengera ngati kuti vuto la gawo limodzi silikhudza linzake, pamene kuno kwathu mavuto amayenda pagulu. Mapepala akachedwa mpaka kumanga kukalowa m'mvula, manambala a kukumba ndi kumanga aja satha kugwiranso ntchito, ndipo muyenera kuwerenga mwatsopano. Komanso samu siikonza manambala abodza. Atatu onse akachokera m'mutu mwa munthu wofuna kupambana tenda, yankho lidzakhala bodza lovala tayi. Manambala abwino amachokera kwa mmisiri amene wamanga ngalande zisanu, ndi m'buku la komiti losonyeza kuti ndalama za ntchito yapita zinatenga masiku angati kuti zituluke. Chizindikiro cha manambala ophika n'chosavuta kuona: akakhala oyandikana kwambiri, monga 9, 10 ndi 11, kapena P akatalikira M mofanana ndendende ndi O, dziwani kuti munthuyo sanaganizire za vuto lenileni ngakhale limodzi.

Choncho anzanga achinyamata, inu amene mumakhala kumbuyo pa misonkhano ya wadi, inu amene mumawotcherera mageti, kusoka mayunifomu ndi kuumba mabuloko, lekani kulandira tsiku limodzi ndipo lekani kulipereka. Wina akaimirira n'kunena kuti "itha pa 30," kwezani dzanja mwaulemu mufunse kuti: "Akuluakulu, limenelo ndi tsiku la zikayenda bwino, la kawirikawiri, kapena la zikavuta? Nanga chingaichedwetse kwambiri n'chiyani?" Wodziwa ntchito yake adzayankha pomwepo, chifukwa manambalawo ali nawo kale m'mutu. Wokwiya ndi funsolo, lembani tsiku lake pa khoma, muwonjezerepo mwezi.