Zitatu zoyamba pa sivi zichokere m'chilengezo cha ntchito

Pamwamba pa sivi, pansi pa dzina ndi nambala ya foni, pamakhala kandime ka mizere inayi kapena isanu komwe munthu amadzifotokoza mwachidule. Ambiri amalembapo kuti ndi olimbikira, okhulupirika komanso odziwa kugwira ntchito ndi anzawo. Zimenezi aliyense amalemba, ndiye wosankha anthu amangozidumpha. Malo amenewa ndi oikapo zinthu zitatu zomwe munachita n'kuoneka zipatso zake. Zikapitirira zitatu kandimeko kamatalika, ndipo chachinayi chimaphimba choyamba. Vuto limagona pa kusankha, chifukwa mtima umathamangira zomwe timanyadira, pomwe wolemba ntchito ananena kale m'chilengezo chake zomwe zikumusowetsa tulo.

M'mabungwe ambiri, osankha anthu okayesedwa pa intavyu amakhala ndi pepala loperekera malikisi, ndipo mitu ya papepalalo imatengedwa m'chilengezo chomwecho. Chinthu chomwe sichikugwera pa mutu uliwonse sichipeza malikisi, kaya n'chachikulu bwanji.

Tiyerekeze kuti mu The Nation kapena The Daily Times mwatuluka chilengezo chakuti bungwe lina likufuna mlangizi wa zaulimi wokagwira ntchito ku Dedza. Likufuna dipuloma ya zaulimi, zaka ziwiri pa ntchito ndi laisensi ya njinga yamoto. Pa ntchito zake alemba kulimbikitsa makalabu a alimi, kulumikiza alimi ndi misika, kuphunzitsa alimi otsogolera, kutolera ziwerengero pa tabuleti ndi kulemba malipoti mwezi ndi mwezi.

Choyamba n'kupatula zolowera pakhomo. Dipuloma, zaka ndi laisensi n'zofunika, koma aliyense amene afike pa mndandanda ali nazo. Zitchuleni m'chiganizo chimodzi chotsegulira, zisadye malo a zitatu zija. Kenako tengani cholembera muwerenge chilengezo chonse, kuphatikizapo ndime yofotokoza za bungwelo yomwe ambiri saiwerenga n'komwe, ndipo mudule mzere pansi pa nkhani iliyonse yobwerezedwa. Tinene kuti nkhani ya misika yatuluka katatu: m'dzina la pulojekiti, m'ndime yoyamba ndi pa mndandanda wa ntchito. Pamenepo ndi pomwe pali nkhawa yawo yaikulu. Alimi awo akukolola koma akugulitsa motchipa kwa mavenda.

Wofunsira ntchito wathu akhale mtsikana amene anaphunzira ku Natural Resources College, yomwe pano ili pansi pa LUANAR, ndipo wagwira zaka zitatu ku Mchinji. Atakhala pansi n'kulemba zonse, wapeza zisanu ndi chimodzi. Analandira mphoto kukoleji. Anakonza chionetsero cha zaulimi chomwe bwanamkubwa wa boma anafikapo. Anaphunzitsa alimi otsogolera 40 kupanga feteleza wa Mbeya. Anapeza makalabu 6 okha akukumana, ndipo pochoka anasiya 18. Anathandiza makalabuwo kusonkhanitsa soya matumba 600 a makilogalamu 50, omwe ndi matani 30, n'kugulitsa kwa wogula mmodzi. Anatoleranso ziwerengero za alimi 400 pogwiritsa ntchito KoboCollect n'kupereka lipoti tsiku loikika lisanafike.

Iye mtima wake uli pa mphoto ndi pa chionetsero, ndipo ndikumumvetsa, chifukwa masiku amenewo ndi omwe makolo ake anamuimbira foni. Koma zonse ziwiri zitsike m'munsi. Mphoto ikunena za m'kalasi zaka zitatu zapitazo, chionetsero chinali cha tsiku limodzi, ndipo palibe mzere wa m'chilengezo womwe zikuyankha. Sizikutayidwa ayi. Mphoto ipite pa gawo la maphunziro, chionetsero pa gawo la ntchito zomwe anagwira.

Soya akhale patsogolo, poti ndiye akuyankha nkhani yobwerezedwa katatu ija. Malo achiwiri ndi pomwe ambiri amapunthwa. Makalabu 18 ndi alimi otsogolera 40 onse ndi abwino, koma akutsimikiza chinthu chimodzi, chakuti mtsikanayu amatha kugwira ntchito ndi anthu akumudzi. Akaika zonse ziwiri, ndiye kuti wayankha funso limodzi kawiri n'kusiya lina lopanda yankho. Ine ndingasankhe makalabu, chifukwa pali pomwe anayambira ndi pomwe anafika, 6 mpaka 18, pomwe chiwerengero cha 40 chikungonena anthu omwe anakhala pa maphunziro, osanena ngati anakapangadi fetelezayo kunyumba kwawo. Komanso popanda kalabu yamoyo palibe kugulitsa pamodzi, choncho chachiwiri chikuchirikiza choyamba. Malo achitatu apite ku ziwerengero ndi lipoti. Bwana wa ku ofesi amaopa mlangizi wokondedwa kumudzi koma wochedwetsa malipoti, poti omwe amapereka ndalama za pulojekiti amamufunsa iyeyo.

Sivi yeniyeni idzalembedwa m'Chingerezi monga mwa masiku onse, koma mfundo za kandimeko n'zotere: "Ndine mlangizi wa zaulimi wa dipuloma, ndagwira ntchito zaka zitatu ku Mchinji ndipo ndili ndi laisensi ya njinga yamoto. Ndinapeza wogula ndi kukonza zoti makalabu agulitse pamodzi soya matani 30. Ndinadzutsa makalabu a alimi kuchoka pa 6 kufika pa 18 m'zaka ziwiri. Ndinatolera ziwerengero za alimi 400 pa KoboCollect ndi kupereka lipoti nthawi isanakwane."

Mawu akuti "ndinapeza wogula" ayenera kukhala oona ndendende. Ngati wogulayo anapezedwa ndi bwana wake, ndipo iye anangoyang'anira kusonkhanitsa ndi kuyeza pa sikelo, alembe zomwezo, n'zokwanira. Pa intavyu adzafunsidwa kuti wogulayo anakumana naye bwanji, mtengo anagwirizana motani, matumba omwe anakanidwa chifukwa cha chinyezi anali angati. Amene anagwiradi ntchito amayankha mosavuta, ndipo wobwereka ntchito ya mnzake amayamba chibwibwi pa funso lachiwiri. N'chifukwa chake chilichonse mwa zitatuzi chiyenera kukhala ndi munthu woti n'kuchichitira umboni pakati pa omwe mwawalemba kumapeto kwa sivi. Chiwerengero chomwe simukuchikumbuka bwino musachikoke kuti chikule, pitani mukachione m'malipoti akale. Ndipo ndalama kapena mitengo yomwe bungwe lakale linkasunga mwachinsinsi isalowe m'kandimeka.

Nanga ngati pa nkhani yaikulu ya m'chilengezo mulibe chomwe munachita? Musapeke. Funani choyandikana nacho. Mtsikanayu akadakhala kuti sanagulitsepo soya, akadatsogoza makalabu, kenako n'kutchula ntchito ina yoonetsa kuti alimi anamukhulupirira pa nkhani ya ndalama, monga magulu a banki mkhonde omwe anagawana bwinobwino chaka chitatha. Zitatu zonse zikakhala zongoyandikira, mwina ntchitoyo sinafike nthawi yake, ndipo mphamvu zanu zingapindule pa chilengezo china.

Mawa chikatuluka chilengezo cha bungwe lofuna wotolera ziwerengero, mtsikana yemweyu asatumize kandime komweka. Alimi 400 aja apite patsogolo, soya atsike.

Musanatumize, patsani mnzanu amene sanaone chilengezo kandime kokhako, mumufunse kuti akuganiza kuti mukufunsira ntchito yanji. Akayankha kuti ya ulangizi wokhudza misika ya alimi, tumizani. Akati ntchito iliyonse ya zaulimi, bwererani ku chilengezo ndi cholembera chanu, mukawerengenso zomwe zabwerezedwa.